Mdzukulu wa m'kalata ndi uti?

Munthu akamwalira osasiya wilo, banja limakhala pansi, kusankha woyang'anira chuma cha masiye, n'kulemba kalata yopita nayo ku khoti pa boma pa Chadiza. Kalatayo imalembedwa m'Chichewa, kenaka amapempha mphunzitsi kapena mwana wa sukulu kuti aiike m'Chingerezi. Mikangano yambiri imabadwira pamenepo.

Lamulo la Zambia la mu 1989 limagawa chumacho motere: mkazi kapena mwamuna wotsala 20 peresenti, ana 50, makolo 20, odalira malemu 10. Tinene kuti malemu asiya K40,000. Wamasiye atenga K8,000, ana agawana K20,000, makolo K8,000, odalirawo K4,000. Munda wa kumudzi, wopatsidwa ndi mfumu, suli m'gulu limeneli.

Tsono onani kalata yakuti "malemu asiya ana asanu ndi mdzukulu mmodzi". Kwathu kuno mwana wa mchimwene wako ndi mwana wako, koma lamulo likamati ana likunena oberekedwa ndi malemuyo, a m'banja ndi a kunja komwe, kuphatikizapo amene anawatenga mwalamulo. Ngati awiri mwa asanuwo ndi a mbale wake, ndiye kuti womasulira wosafunsa walowetsa anthu asanu pa K20,000 ya anthu atatu. Nanga mdzukuluyo ndi mwana wa mwana, kapena wa mlongo? Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana, ndipo pepala silingakuuzeni. Funsani eni ake, mulembe ubale wonse, mwachitsanzo: mwana wa mlongo wa malemu, amene malemuyo ankamusunga ndi kumulipirira sukulu.

Mawu akuti adiminisitireta asamasuliridwe kuti "wolowa chuma". Iyeyu ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kubweza ngongole ndi kugawira eni ake. Amalume ambiri amva molakwa dala, tisawathandize.

Maina satanthauziridwa, sakonzedwanso. Ngati pa chitupa palembedwa Tereza, musalembe Teleza poti ndi mmene timatchulira. Ku banki adzati ndi anthu awiri. Koperani chilembo ndi chilembo, ndi nambala ya chitupa yomwe, makamaka kwa abale a m'malire a Mozambiki amene maina awo analembedwa Chipwitikizi.

Ndalama nazonso zisiyeni mmene zilili. Kwacha inachotsedwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013, choncho ngongole ya K12,000,000 yolembedwa mu 2011 ndi K12,000 ya lero. Lembani nambala yakaleyo ndi deti lake, kufotokoza kwanu kukhale pamunsi, padera.

Mukamaliza, wina amene sanaone kalata yoyamba awerenge Chingerezicho n'kuchibweza m'Chichewa mokweza pamaso pa banja lonse. Wamasiye akati "sitinatero", musadinde chala.