Kukonza nkhope pa chithunzi cha pasipoti: pomwe kukongoletsa kumasanduka mlandu

LILONGWE – Munthu akalowa m'situdiyo yojambula zithunzi ku Mtandire, monganso ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo, kawirikawiri pamakhala pempho limodzi lomwe wojambula adalizolowera: "Mundiyeretseko pang'ono." Ena amapempha kuti awafufutire chipsera, ena kuti awaveke jekete ndi tayi pa kompyuta. Pa chithunzi cha ukwati kapena chopachika m'nyumba, palibe vuto. Koma chithunzicho chikakhala cha pasipoti, cha viza kapena cha chiphaso china chilichonse, nkhani imasintha, ndipo amene amavutika pamapeto ndi mwini nkhope.

Chithunzi cha pa chiphaso ndi umboni. Ntchito yake ndi yoti munthu amene sakukudziwani, monga ofisala wa pa chipata cha Mwanza, cha Dedza kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu, athe kutsimikiza m'kanthawi kochepa kuti amene waima patsogolo pake ndiye mwini chiphasocho. Umboni ukakonzedwa, ngakhale ndi cholinga chabwino, umasiya kukhala umboni.

Malamulo a maonekedwe a chithunzi chotere sadapangidwe ku Lilongwe. Amachokera ku bungwe la ICAO, lomwe limaona za maulendo a pandege pa dziko lonse ndipo likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Malawi ndi membala wa bungweli, ndipo chikalata chake chotchedwa Doc 9303 ndicho chimatsogolera maiko pa kapangidwe ka mapasipoti. Muyeso womwe maiko ambiri amatsata ndi wa mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali, mutu nkutenga pakati pa mamilimita 32 ndi 36 kuchokera pa chibwano kufika pa liwombo. Munthu ayenera kuyang'ana kamera mwachindunji, kukamwa kotseka, maso akuoneka bwino, ndipo chithunzicho chikhale chojambulidwa posachedwa, kawirikawiri m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Mtandire wa zaka 24 yemwe akufuna pasipoti kuti akasake ganyu ku Joni. Ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere chomwe adachipeza atagwa pa kabaza. Pofuna kupulumutsa ndalama, wapita ku situdiyo ndi chithunzi cha m'foni mwake, chomwe m'lifupi ndi m'litali n'chofanana, kuti angomusindikizira.

Wojambula wachita zinthu zinayi. Wafufuta chipsera. Wawalitsa khungu. Wadula khoma la njerwa lomwe linali kumbuyo n'kuikapo poyera, kenaka wamuveka kolala ndi tayi. Pomaliza, poona kuti chithunzicho sichikukwana m'malo a 35 ndi 45, wachifinya m'mbali m'malo mochidula.

Mwa zinayi izi, chomwe mnyamatayu sangachizindikire n'komwe ndicho choononga kwambiri. Chithunzi chomwe chikadakhala mamilimita 45 mbali zonse chafinyidwa kufika pa 35 m'lifupi, kutalika kuli komweko. Izi zikutanthauza kuti nkhope yachepa m'lifupi ndi magawo 22 pa 100 alionse. Ngati pakati pa maso ake padali mamilimita 9, tsopano pali 7. Mphuno yaonda, masaya alowa, koma kuchokera pa mphumi kufika pa chibwano sipadasinthe. Mayi wake akhoza kumuzindikira, poti adamubala. Mlendo wa pa chipata cha Beitbridge, yemwe waona nkhope mazanamazana usiku umodzi, akhoza kukayika, ndipo ali ndi chifukwa.

Chipsera nacho chili ndi ntchito yake. Anthu ambiri amafanana, makamaka a pachibale, ndipo ofisala akakayika amafufuza zizindikiro zomwe sizichoka: chipsera, mphini, kadontho kobadwa nako, kapangidwe ka makutu. Chithunzi chikasowa chipsera koma munthu ali nacho, funso loyamba limakhala lakuti kodi chiphasochi si cha mchimwene wake? Chipsera chikhoza kubwera pambuyo pojambulitsa, n'zoona, ndipo maofisala amadziwa zimenezo. Koma chipsera chakale chimaoneka kuti n'chakale, ndipo munthu amene pasipoti yake yangotuluka kumene amavutika kufotokoza.

Anthu ena amaganiza kuti zokonzazi sizioneka. Zimaoneka. Khungu losalazidwa pa kompyuta limakhala ngati la chidole, lopanda timabowo ndi timakwinya tomwe khungu la munthu aliyense limakhala nato. Nkhope yoyeretsedwa imasiyana mtundu ndi khosi komanso makutu, chifukwa wokonza amaiwala malo amenewa. Pomwe adula zakumbuyo, m'mphepete mwa tsitsi mumakhala mzere wakuthwa ngati wodula ndi lumo, ndipo nthawi zina kachidutswa ka khutu kamapita limodzi ndi khoma. Kolala yoika pa kompyuta siikhala ndi mthunzi wa chibwano. Ofisala amene amagwira zithunzi tsiku ndi tsiku safuna makina kuti aone izi.

Kwa mnyamata wathuyu, zotsatira zopepuka n'zakuti ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno amubweza kuti akajambulitsenso. Wataya ndalama ya situdiyo, ya minibasi, komanso tsiku lonse la ganyu. Mwayi wake ndi wakuti pa pasipoti yamakono, nthambiyi imajambula yokha nkhope ndi zala za wofunsira ali pomwepo. Chimodzimodzi chitupa cha unzika: pa kalembera wa 2017, pomwe National Registration Bureau idalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, aliyense adajambulidwa ndi kamera ya bungwelo. Pamenepa mpata wokongoletsa udatsekeka.

Mpata udakalipo pa zikalata zomwe munthu amapereka yekha chithunzi, monga mafomu a viza, a zilolezo zogwirira ntchito kunja ndi a maphunziro, makamaka odzaza pa intaneti. Apa ndipo ngozi ili yaikulu, chifukwa chithunzi chikhoza kulandiridwa poyamba, vuto n'kudzatulukira munthu atagula kale tikiti. Kazembe akaona kuti chithunzi cha pa fomu chikusiyana ndi cha mu pasipoti, sakakamizidwa kukhulupirira kuti kudali kukongoletsa chabe.

Palinso msampha wina womwe suli ku situdiyo. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi gawo lolembedwa Beauty mu kamera, lomwe limasalaza khungu, kukulitsa maso ndi kuchepetsa chibwano lokha, mwini foni osadziwa. Chithunzi chotere chimakhala chokonzedwa kale chisanafike kwa wosindikiza.

Nanga n'chifukwa chiyani maiko amakana ngakhale kukonza kochepa, komwe munthu sadafune kunamiza nako aliyense? Yankho lili pa mchitidwe wina womwe udaopsa maboma m'zaka zapitazi. M'chaka cha 2014, akatswiri atatu a pa yunivesite ya Bologna ku Italy, a Matteo Ferrara, Annalisa Franco ndi Davide Maltoni, adaonetsa kuti n'zotheka kusakaniza nkhope za anthu awiri pa kompyuta n'kupanga chithunzi chimodzi chofanana ndi onse awiri. Munthu wopanda mlandu amafunsira pasipoti ndi chithunzicho, boma limatulutsa pasipoti yeniyeni, kenaka mnzake wofunidwa ndi apolisi amayendera yomweyo, makina a pa chipata n'kumuvomereza. M'chaka cha 2018, gulu lina la ku Germany lotchedwa Peng! lidachitadi izi pofuna kuonetsa kufooka kwa ndondomeko: lidapeza pasipoti yokhala ndi chithunzi chosakaniza nkhope ya membala wake ndi ya mayi Federica Mogherini, omwe panthawiyo adali mkulu woona za ubale ndi maiko akunja ku European Union. Dziko la Germany lidasintha lamulo mu 2020, ndipo kuyambira mu 2025 lidayamba kufuna kuti chithunzi chijambulidwe ku ofesi ya boma kapena chitumizidwe pa makina ndi wojambula wovomerezeka.

Chithunzi chosakaniza chimasiya zizindikiro, monga mthunzi wachiwiri m'mbali mwa diso, pa mphuno kapena m'tsitsi. Ochita chinyengo amabisa zimenezi posalaza khungu. Kotero ofisala akaona nkhope yosalazidwa alibe njira yodziwira ngati abisa chiphuphu chapankhope kapena abisa munthu wachiwiri. Ichi n'chifukwa chake lamulo silisankha.

Pa nkhani ya milandu, tiyenera kunena mosamala, pakuti si kukonza kulikonse komwe kumafikitsa munthu kukhoti. Wofufuta kachiphuphu amangobwezedwa. Mlandu umayamba pomwe pali cholinga chonamiza. Malamulo a Penal Code a dziko lino amati kupanga chikalata chabodza n'cholinga chonamiza kapena kubera ena ndi mlandu, ndipo kusintha chikalata chenicheni popanda chilolezo kuli m'gulu lomwelo. Kupereka chikalata chotere ukudziwa kuti n'chabodza ndi mlandu wina paokha, monganso kudzionetsa ngati munthu wina. Lamulo la kalembera wa unzika la 2010 komanso lamulo loona za olowa ndi kutuluka nawo amaletsa kupereka umboni wabodza ndi kusintha ziphaso. Choncho amene wamata nkhope yake pa chitupa cha mnzake, kapena wakonza chithunzi kuti afanane ndi mbale wake mwini chiphaso, walowa m'madzi akuya. Wojambula amene wathandiza akudziwa cholingacho sangadzitchinjirize ponena kuti adangotumidwa.

Komabe pali dandaulo limodzi la anthu lomwe liyenera kumveka. Ambiri opempha kuwalitsidwa sachita izi chifukwa chodana ndi khungu lawo, koma chifukwa zithunzi za m'masitudiyo ang'onoang'ono zimatuluka zakuda kwambiri mwakuti maso okha ndiwo amaoneka. Kamera ikaloza nsalu yoyera imachepetsa kuwala, nkhope ya munthu wakuda n'kumira. Chithunzi chotere nachonso n'chosayenera pa chiphaso. Ngakhale makina ozindikira nkhope ali ndi vuto pa ife: kafukufuku wa bungwe la NIST la ku America wa mu 2019 adapeza kuti makina ambiri ankasokoneza nkhope za anthu a kum'mawa ndi kumadzulo kwa Africa mowirikiza kuposa za azungu.

Mankhwala ake ali pa nthawi yojambula, osati pambuyo pake. Munthu aime pakhonde kapena pafupi ndi khomo, poyang'anana ndi kuwala kwa masana koma osati padzuwa lenileni, kuti mbali zonse za nkhope ziwale mofanana. Aime katalikirana pang'ono ndi nsalu ya kumbuyo kuti mthunzi usagwerepo. Wojambula ayeze kuwala pa nkhope, osati pa nsalu, ndipo asayandikize kamera kwambiri chifukwa imakulitsa mphuno. Wofuna tayi avale tayi weniweni. Situdiyo ikhoza kusunga jekete imodzi yobwereketsa. Magalasi akamanyezimira avulidwe, asafufutidwe pa kompyuta. Mayi wovala mpango chifukwa cha chipembedzo akhoza kujambulidwa nawo, malinga nkhope ikuoneka yonse kuchokera pa chibwano kufika pa mphumi. Chomwe wojambula angachite pa kompyuta ndi kudula chithunzi kuti chikwane muyeso, popanda kuchifinya kapena kuchikoka.