Wefuwefu wa pa bwato: mlandu si wa mapapo

Tsiku lina mwera utatipeza panyanja cha ku Makawa, mng'ono wanga anapalasa bwato mwamphamvu, koma posakhalitsa anali wefuwefu. "Achimwene, mapapo angawa atha," anadandaula.

Munthu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka 16 pa mphindi, mpweya wokwana malita pafupifupi 6. Akamalimbana ndi mafunde amatha kupuma ka 40, malita n'kufika 100. Chimachititsa kwambiri ndi mpweya woipa ndi asidi zochokera m'minofu, zomwe thupi limafuna kuchepetsa msanga.

Komatu kwa munthu wa mapapo abwino, malire amaika ndi mtima ndi magazi. Mtima umapopa malita 5 pa mphindi tikamapumula, ndipo ukalimbikira umathera pa malita 20 kapena 25. Okosijeni amanyamulidwa ndi himogulobini, chinthu chimene chimafiiritsa magazi. Mulingo wake ukakhala 15, lita imodzi ya magazi imanyamula okosijeni wokwana mamililita pafupifupi 200. Ukatsika kufika pa 10, imangonyamula 134. Upume motani, ngolo zonyamulira zachepa basi.

Kuchipatala anamupeza ndi likodzo komanso magazi ochepa. Atamwa mankhwala, patapita miyezi ingapo mphamvu zinabwerera.

Kuno kunyanja likodzo ndi malungo si zachilendo. Mwana wanu akamachita befu pa ntchito imene kale ankaitha, zikope zili mbuu m'kati, musamunene ulesi. Kamuyezetseni magazi ndi mkodzo.