Mwana akayamba kukoka fodya wamagetsi

Mayi wina ku Angónia anapeza m'thumba la mwana wake wa zaka 15 kachitsulo konga cholembera, konunkhira ngati mango. Anamukalipira pamaso pa anthu. Mwanayo sanaleke, anangoyamba kukabisa kudenga.

Kachitsuloko ndi vepu, fodya wamagetsi. Madzi a mavepu ambiri amakhala ndi nikotini, yemwe uja amachititsa chizungulire alimi akamathyola fodya wonyowa ndi mame. Ubongo wa munthu umakula mpaka zaka 25, n'chifukwa chake mwana amakodwa msanga.

Amalume ake anamutengera kudimba, awiriwiri. Ali mkati mothirira anafunsa kuti, "Mphwanga, ukadzuka m'mawa umatha nthawi yaitali bwanji usanakoke?" Mnyamatayo anati amakoka asanasukusule n'komwe. Amalume sanazaze, poti yankholo linasonyeza kuti thupi lazolowera, si mwano chabe ayi. Anaululanso kuti iwonso chingambwe chinawavuta kusiya.

Anapangana tsiku lolekera. Kenaka amalume anachenjeza mlongo wawo kuti masiku atatu oyamba mwanayo adzakhala waukali, mutu udzamupweteka, tulo tidzasowa, koma zimachepa pakatha milungu iwiri kapena inayi. Akadzayambiranso asadzamunyoze, adzangomuperekeza kuchipatala.