Deti ndi chizindikiro cha ndalama zilembedwe mofanana kuyambira tsamba loyamba

M'mapulazi a ku Mashonaland, kuyambira ku Bindura ndi Mvurwi mpaka ku Chinhoyi ndi Karoi, chikalata chachitali chimene Achewa ambiri amachidziwa bwino ndi malamulo a bungwe la maliro pamodzi ndi kaundula wa zopereka ndi ngongole. Chikalata chotere chimakhala zaka zambiri ndipo chimadutsa m'manja mwa alembi angapo. Mlembi aliyense akamalemba deti ndi ndalama m'njira yakeyake, cholakwacho chimadzaonekera pa tsiku la maliro, pamene banja lofedwa likuyembekezera bokosi.

Chitsanzo chongoyerekeza n'ichi. Kaundula akunena kuti membala anabwereka $200 pa 02/03/2019. Kwa mlembi wophunzira ku Zimbabwe kapena ku Malawi, limeneli ndi tsiku la 2 Malichi. Koma ngati mzerewo unachokera pa foni kapena kompyuta yotsata kalembedwe ka ku Amerika, komwe mwezi umayamba, ndiye kuti ndi 3 Febuluwale. Pakati pa masiku awiriwa pali 22 Febuluwale 2019, pamene lamulo la Statutory Instrument 33 of 2019 linayamba kugwira ntchito. Lamulolo linati ngongole za m'dzikomo zimene zinali m'madola a ku Amerika tsikulo lisanafike ziwerengedwe m'madola a RTGS, dola imodzi pa dola imodzi, ndipo khoti lalikulu la apilo linatsimikiza zimenezi mu Januwale 2020 pa mlandu wa Zambezi Gas. Pamene kubanki mtengo unayambira pa madola a RTGS 2.5 pa dola imodzi ya ku Amerika, ngongole ija ikhoza kukhala 200 kapena 500. Chosiyanitsa ndi mmene deti linalembedwera basi.

Mankhwala ake ndi apafupi: mwezi ulembedwe m'mawu, chaka chilembedwe chonse. Ngakhale pamenepa pafunika kusankha. Ana obadwira m'mapulazi anaphunzira Chishona kusukulu, kotero wina alemba Kurume pamene agogo ake amalemba Malichi. Mayina onsewa ndi olondola, koma chikalata chimodzi chitsate mndandanda umodzi wa miyezi.

Chizindikiro cha $ pachokha sichinena kanthu m'dziko limene linachotsa maziro pa ndalama yake katatu, mu 2006, 2008 ndi 2009, n'kudzabweretsa ZiG pa 5 Epulo 2024. Ndalama iliyonse ikhale ndi chidule chake chimodzi, US$ kapena ZiG, cholembedwa patsogolo pa nambala nthawi zonse. Chidulecho chimasuliridwe pamene chatchulidwa koyamba, ndipo chisasinthe. Mlembi akalemba US$ pa gawo 4, USD pa gawo 9 ndi $ yekha pa gawo 12, wowerenga ali ndi ufulu woganiza kuti akunena ndalama zitatu zosiyana.

Manambala nawo ali ndi msampha. Ku Malawi 1,500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, chifukwa koma amalekanitsa zikwi. Ku Mozambiki, komwe kunachokera mabanja ena a m'mapulazi omwewa, koma amaima pamene Amalawi amaika kadontho, ndipo nyuzipepala zina za ku Zimbabwe zimateronso. Bungwe lisankhe njira imodzi, ndipo pa ndalama zikuluzikulu, monga za bokosi ndi galimoto, nambala itsatidwe ndi mawu ake. Kampatuko ka mu ng' nakonso kasamalidwe: ng'oma imaimbidwa, ngoma ndi nyama ya kutchire, ndipo dzina la munthu likalembedwa ndi kampatuko pa tsamba lina, popanda iko pa tsamba lina, limaoneka ngati la anthu awiri.

Ena amati izi n'zovutitsa anthu amene amadziwana, poti mlembi amakumbukira chimene ankatanthauza. Mfundoyi inali ndi mphamvu pamene mamembala onse ankakhala pakomboni imodzi. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugawidwa, ambiri anabalalika, ena kumigodi, ena kumatauni, ena ku Joni. Mlembi amasamuka kapena kumwalira, koma pepala limatsala, ndipo wolitanthauzira ndi munthu amene sanalipo.

Choncho chikalata chisanayambe kulembedwa, komiti igwirizane tsamba limodzi lonena mmene deti, manambala, zidule ndi zizindikiro zilembedwere, ndipo tsambalo limatidwe kutsogolo kwa buku. Poliwerenganso, wina ayang'ane madeti okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako ndalama zokha, kenako zidule zokha, chifukwa diso lotsata nkhani limadumpha zoterezi. Zolembedwa kale zisafufutidwe. Pamene deti lakale likukayikitsa, tanthauzo limene komiti yagwirizana lilembedwe m'mphepete, ndipo wapampando ndi msungichuma asainire mamembala amene analipo akadali moyo.