Kavalo wa pachifuwa asatipusitse

Loweruka lapitali ku ukwati wina ku Zingwangwa ndinaona abambo awiri aulemu wawo akukangana chifukwa cha kavalo. Onse anavala malaya a kolala okhala ndi kachizindikiro ka munthu wokwera pa kavalo atakweza ndodo. Mmodzi, amene anakhala zaka zambiri ku Amereka, anauza mnzake kuti, "Achimwene, anakuberani. Kavalo wanuyo akuthamangira kolakwika." Winayo anapsa mtima, nati malayawo anagula yekha m'sitolo yaikulu ku Joni, ndipo lisiti lake analisunga.

Ine ndikuti palibe amene anavala feki pa awiriwa. Malayawo anachokera ku makampani awiri osiyana, ndipo aliyense anali ndi chilolezo cha malamulo kwawo.

Ku Amereka kuli Ralph Lauren, amene anayamba kugulitsa mataye a dzina la Polo mu 1967, ndipo malaya ake otchuka a kolala anatuluka mu 1972. Ku South Africa nako kunayambika Polo ina mu 1976, ya eni ake a komweko. Kwa zaka makumimakumi zovala za Polo zimene abale athu ankagula m'masitolo a ku Joni zinali za kampani ya komwekoyo, osati za mkulu wa ku Amereka uja. Mukaziyang'ana zili pachifuwa cha mnzanu, kavalo wa Ralph Lauren amaloza kumanzere kwanu, pamene wa ku Joni amaloza kumanja. Ndani mwa ife amayang'ana zimenezo pogula?

Mwina mukufunsa kuti zimatheka bwanji boma kulola zotere. Nkhani yagona pa kalembetsedwe ka zizindikiro. Chizindikiro cha malonda sichilembetsedwa kamodzi n'kugwira ntchito pa dziko lonse lapansi ayi. Chimatetezedwa dziko ndi dziko, ndipo kawirikawiri amene wayamba kuchilembetsa kapena kuchigwiritsa ntchito m'dzikomo ndiye mwini wake. Ngakhale utatchuka bwanji ku New York, ukafika ku Pretoria n'kupeza wina analembetsa kale, uyenera kukambirana naye, kumugula, kapena kukamenyana naye ku khoti. Komanso chizindikiro chimalembetsedwa pa mtundu wa katundu. Maiko ambiri amatsata ndondomeko imodzi ya magulu 45: zovala zili m'gulu 25, mafuta onunkhiritsa ali m'gulu 3. Ndiye chifukwa chake munthu ankatha kugula perefyumu weniweni wa Ralph Lauren ku Joni, koma malaya a Polo a m'sitolo yoyandikana nayo ali a kampani ina.

Chinanso n'chakuti polo ndi dzina la masewera, ndipo palibe amene angatseke masewera m'thumba mwake. Bungwe loyendetsa masewerawa ku Amereka, limene linakhazikitsidwa mu 1890, nalo limagulitsa zovala za dzina la U.S. Polo Assn. zokhala ndi okwera pa kavalo awiri. Lakhala likukokanakokana ndi Ralph Lauren m'makhoti, ndipo mu 1984 khoti la ku New York linati bungweli likhoza kugwiritsa ntchito chithunzi cha wosewera polo, bola lisasokoneze ogula. Apa akavalo akwana atatu tsopano, onse a mapepala awo.

Ng'ona nazo zili ziwiri. Ya Lacoste, kampani ya ku France ya mu 1933, imayang'ana kumanja. Ya Crocodile, imene inayambira ku Singapore mu 1947, imayang'ana kumanzere, ndipo mu 1983 awiriwa anasainirana pangano loti azikhalira limodzi m'maiko angapo a ku Asia.

Tsono chinyengo chimalowera pati? Chimalowera pa chikumbumtima chathu choperewera ndi pakamwa pa wogulitsa. Palibe amene amapita ku msika atanyamula malaya enieni kuti akafananitse. Timangokumbukira mwachisawawa kuti panali kavalo, ndodo ndi mawu oti Polo. Oweruza milandu ya zizindikiro amadziwa zimenezi, ndipo safunsa ngati zizindikiro ziwiri zikusiyana zikaikidwa pamodzi pa tebulo. Amafunsa ngati munthu wamba, amene anaona chimodzi mwezi watha, angasokonezeke akaona chinacho lero. Opanga katundu wofanizira amakhalira pa mpata womwewo. Amasintha chilembo chimodzi, amatembenuza nyama, amawonjezera mzere, koma mtundu wa utoto ndi kakhalidwe ka paketi amazisiya momwemo. Akafunsidwa amati, "Ife sitinanene kuti ndife iwowo." Inde sananene, koma anadziwa kuti maso anu adzanena okha.

Ine ndemwe zinandionekera. Ndinagula lamba m'kasitolo kena ka m'tauni, mnyamata wogulitsa akulumbira kuti, "Bwana, iyi ndi orijino ya ku Amereka." Ndinalipira mtengo wa ku Amereka. Nditafika kunyumba mayi a kunyumba ndiwo anaona kuti wokwera pa kavaloyo analibe ndodo m'manja, ndipo dzina la kampani silinalembedwe paliponse. Lambayo anasenda ngati mbatata yophika mwezi usanathe. Chikomekome cha mkuyu! Chimene chinandipweteka si lambayo, koma kuti nditabwerera mnyamata uja anandifunsa kuti, "Palembedwa pati zimene mukunenazo?" Pa lisiti panangolembedwa kuti lamba mmodzi.

Choncho ine ndinaleka kuwerenga pachifuwa. Ndimatembenuza malaya n'kuwerenga kansalu ka pakhosi ndi kena kaja kosokerera m'mbali, ka malangizo a kachapidwe. Kampani yoona, kaya ndi ya ku Joni kaya ya ku Singapore, sichita manyazi ndi dzina lake: imalilemba lonse, ndi dziko limene chovalacho chinasokedwa. Wofanizira amabisa dzina, amakuza chithunzi. Kachizindikiro ka ® nako kasakunamizeni. Kamangotanthauza kuti chizindikirocho chinalembetsedwa kwinakwake, sikanena kuti ndi cha kampani imene inu mukuiganizira, ndipo wakuba akhoza kukasindikiza.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndivomere. Feki yeniyeni, ija yokopera zonse, imakopera ndi kansalu komwe, kavalo n'kumaloza koyenera. Pamenepo chotsala ndi kuona kasokedwe, kulemera kwa nsalu ndi mtengo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti pa mulu wa kaunjika, umene mabelo ake ena amachokera ku maiko a azungu, munthu akhoza kutola Ralph Lauren weniweni wotha pang'ono, pamene wa m'pulasitiki wonyezimira pa shelefu ali wabodza.

Dandaulo langa likupita kwa a malonda ndi kwa amene amawayang'anira. Kugulitsa Polo ya ku Joni kapena ng'ona ya ku Singapore si mlandu. Kuuza wogula kuti ndi ya ku New York kapena ya ku Paris kuti akweze ndalama, kumeneko ndi kuba masana. Tili ndi lamulo la zizindikiro za malonda la mu 2018, tilinso ndi bungwe la CFTC loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene limalandira madandaulo a ogula. Koma dandaulo lopanda umboni limafera panjira. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi orijino, muuzeni alembe dzina lonse la kampaniyo pa lisiti, asaine. Akayamba kukanda m'mutu n'kunena kuti cholembera chatha inki, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Abambo awiri aja anayanjana nthawi ya perekaniperekani isanathe, atavundukulirana makolala pamaso pa anthu. Wa ku Joni uja anaoneka wokhumudwa pang'ono, poti kwa zaka zonsezi ankadziyesa wovala za ku Amereka.