Tsiku la fote linachokera kuti?

Sabata yatha pamsika wa Kandeu anagwira mnyamata wina ali ndi mbuzi yomwe sinali yake. Pamene ankapita naye kupolisi, mayi wina wogulitsa tomato anafuula kuti, "La fote lakwana!" ndipo anthu onse anaseka. Mawa lake mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa m'kalasi kuti, "Aphunzitsi, ndani anawerenga masikuwo kuti akwanadi 40? Nanga bwanji m'Baibulo namonso chilichonse ndi 40?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa belu linali litalira, koma funsolo linanditsatira mpaka kunyumba.

Mwanayu sananame. Mvula ya chigumula cha Nowa inagwa masiku 40. Mose anakhala paphiri la Sinai masiku 40, Aisraeli anayenda m'chipululu zaka 40, Yona anapatsa mzinda wa Nineve masiku 40, ndipo Yesu anasala kudya masiku 40. Abale athu Achisilamu amatiuza kuti Mtumiki Muhammad analandira uthenga ali ndi zaka 40. Mnzanga wina wa ku Mangochi yemwe amagulitsa usipa kuno amapita kwawo kukachita sadaka ya arubaini mbale wake akamwalira, ndipo mawu akuti arubaini m'Chiarabu amangotanthauza 40. Ngakhale mwambi wa wakuba uja si wathu tokha, a Chiswahili nawonso amanena kuti masiku a mbala ndi 40.

Chomwe ndinaphunzira nditakhala pansi ndi Baibulo ndi cholembera n'chakuti 40 wa m'malemba nthawi zambiri si wa pa sikelo ya ku Admarc. Tiyeni titenge Mfumu Davide. Buku la 2 Samueli, mutu 5, likuti analamulira zaka 40. Vesi lotsatira likugawa zakazo: ku Hebroni zaka 7 ndi miyezi 6, ku Yerusalemu zaka 33. Mukaphatikiza mupeza zaka 40 ndi theka. Wolembayo ankadziwa masamu, popeza manambala onsewo anawalemba yekha pamalo amodzi, koma theka lija silinamuvutitse. Solomo nayenso akuti zaka 40, wansembe Eli zaka 40. Ndipo 1 Mafumu 6 ikuti kachisi anayamba kumangidwa m'chaka cha 480 chichokereni Aisraeli ku Iguputo, komwe kuli kuchulukitsa 40 ndi 12. Akatswiri ambiri a Baibulo amawerenga zimenezi ngati mibadwo 12, m'badwo uliwonse zaka 40.

Choncho 40 anali muyeso wa nthawi yokwanira kuti chinthu chisinthe. Zaka 40 zikatha, amene anali akuluakulu apita, amene anali makanda ndiwo akuweruza milandu. Nkhani ya m'chipululu imanena zomwezo poyera: anthu anazungulira kufikira m'badwo wokanika uja utatha. Masiku 40 nawonso ali ndi muzu m'thupi la munthu. Levitiko 12 ikulamula mayi wobereka mwana wamwamuna kukhala masiku 7, kenaka ena 33, onse pamodzi 40, asanapite kumalo opatulika. Masiku 40 ndi pafupifupi masabata 6, ndipo mayi aliyense kuno akudziwa kuti pa masabata 6 ndi pomwe achipatala amamuitananso kuti amuone iye ndi mwana. Azamba akale analibe kalendala ya kuchipatala, koma ankaona ndi maso nthawi yomwe thupi limabwerera m'chimake.

Nambala ikatchuka chotere, anthu amayamba kuikonzera malo. Onani Lenti. Mu 2025 Lachitatu la Phulusa linali pa 5 Malichi ndipo Pasaka inali pa 20 Epulo. Kuyambira pa 5 mpaka pa 31 Malichi ndi masiku 27, kuyambira pa 1 mpaka pa 19 Epulo ndi masiku 19. Onse pamodzi ndi 46, osati 40. Koma mkatimo muli masiku a Lamulungu 6, omwe mpingo suwawerengera kukhala osala. Mukachotsa 6 pa 46 mutsala ndi 40. Palibe chinyengo apa. Mpingo unafuna kutsanzira masiku a Yesu m'chipululu, ndiye unayala kalendala kuti ifike pamenepo. Mmenemu ndi mmene 40 amaberekera 40 mnzake: wolemba wa pambuyo amadziwa nkhani ya Mose, wopembedza wa pambuyo amadziwa nkhani ya Yesu.

Za 7 ndiye zimandisangalatsa koposa, chifukwa chilankhulo chathu chomwe chimaulula kuti nambalayi ndi mlendo. M'Chichewa mulibe liwu limodzi la 7. Timati zisanu ndi ziwiri, dzanja limodzi ndi zala ziwiri. Makolo athu ankapuma pa zisanu ndi pa khumi, ndipo ankawerenga nthawi ndi mwezi wakumwamba komanso nyengo za kumunda. Mvetserani maina a masiku athu: Lolemba ndi tsiku lolemba anthu ntchito, Lachiwiri mpaka Lachisanu ndi kungowerenga masiku a ntchitoyo, Loweruka ndi tsiku loweruka, kenaka Lamulungu. Amenewa ndi maina a nthawi ya mishoni ndi ya thangata. Liwu lakuti sabata nalo ndi lochokera ku Chihebri. Sabata ya masiku 7 inabwera ndi Baibulo ndi Kurani, ndipo ulemu wa 7 unabwera nayo.

Nanga kumene inachokerako anaitola kuti? Pali zinthu ziwiri zomwe aliyense angazione atatuluka panja usiku magetsi atazima, zomwe kuno sizisowa. Mwezi umatenga masiku pafupifupi 29 ndi theka kuchoka pamene waoneka kufika pamene udzaonekenso. Mukagawa panayi, chigawo chilichonse ndi masiku 7 ndi kanthu pang'ono: kuchoka pa mwezi watsopano kufika pa theka, kuchoka pa theka kufika pa wathunthu, ndi kubwereranso. Chachiwiri, pa zounikira zonse zakumwamba, anthu akale a ku Babulo anaona kuti 7 zokha ndizo zimayenda pazokha pakati pa nyenyezi zina: dzuwa, mwezi ndi mapulaneti asanu ooneka popanda makina. Imodzi mwa asanuwo ndi Nthanda yathu ya m'bandakucha. Kwa Ahebri 7 inakhala nambala ya chinthu chatha bwino, ngati masiku a chilengedwe, ndiponso ya lumbiro, pakuti m'chilankhulo chawo mawu a 7 ndi a kulumbira amachokera pa tsinde limodzi. N'chifukwa chake pa Genesis 21 Abrahamu akupereka ana a nkhosa 7 pochita pangano pa chitsime cha Beereseba. Asilamu opita ku Maka nawonso amazungulira Kaaba ka 7.

Tsono 3 ndi wathuwathu, sitinachite kubwereka. Lowani m'khitchini muone mafuwa. Pa mafuwa awiri mphika umagwa. Pa anayi umagwedera, chifukwa limodzi limakhala lalifupi, monga amachitira madesiki a m'kalasi mwanga omwe timawapachika kapepala kunsi. Pa atatu umakhazikika ngakhale pansi pali pokumbikakumbika. M'masamu timaphunzitsa zomwezi ndi mawu ovuta, koma agogo anazidziwa ndi nsima.

Nthano imakhazikikanso chimodzimodzi. Chinthu chikachitika kamodzi, womvera amati ndi ngozi. Chikachitika kachiwiri, amati kani ndi mmene zimakhalira, ndipo amayamba kuyembekezera. Kachitatu ndi pomwe wofotokoza amakwaniritsa chiyembekezocho kapena kuchiswa. Kachinayi ana ayamba kusinza. Petro anakana Yesu katatu, ndipo pambuyo pake anafunsidwa katatu ngati amamukonda. Ndi nkhani yomwe munthu wosadziwa kuwerenga amaimva kamodzi n'kuisunga moyo wake wonse, ndipo tisaiwale kuti nkhani zopatulika zambiri zinayenda pakamwa zisanafike papepala. Masiku atatu a m'manda nawo amawerengedwa mwa kawerengedwe ka nthawi imeneyo, kophatikiza tsiku loyamba ndi lomaliza: Lachisanu, Loweruka, Lamulungu. Mukatenga wotchi, maola ake safika 72.

Ndalemba zonsezi chifukwa pali anthu amene akudya nawo manambalawa. Kholo la mwana wina wa pasukulu pathu linapereka ndalama ya mayeso kwa munthu wina woyendayenda, yemwe anaphatikiza manambala a tsiku lobadwa la mwanayo, napeza 7, n'kunena kuti mwanayo ndi wosankhika ndipo adzakhoza popanda chovuta bola asale masiku atatu. Njira yake ndi yosavuta, ndipo ndikuonetsani ndi masiku omwe tonse timawadziwa.

Tengani 6 Julaye 1964, tsiku la ufulu wathu. Julaye ndi mwezi wa 7, ndiye 6+7+1+9+6+4 ikutipatsa 33. Tengani 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu: 1+4+6+1+9+9+3, ndi 33 kachiwiri. Tengani 3 Malichi 1959, tsiku lomwe timakumbukira ofera dziko: 3+3+1+9+5+9 ndi 30, ndipo 3+0 ndi 3. Munthu wochenjera pakamwa akhoza kuima pamsika ndi zimenezi n'kunena kuti dziko la Malawi lili m'manja mwa nambala 3, n'kuwonjezerapo zigawo zitatu ndi mitundu itatu ya pa mbendera, anthu n'kuwomba m'manja.

Koma funsani masiku omwe sanawatchule. Tsiku lomwe dziko linakhala lipabuliki, 6 Julaye 1966, likupereka 35, yomwe imatsikira pa 8. Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chikupereka 36, kenaka 9. Kuukira kwa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915 kukupereka 22, kenaka 4. Ndipo 33 uja, mukamaliza lamulo lawo lomwelo, ndi 3+3, yomwe ndi 6. Apa ndi pomwe mungamugwirire wa manambala: amasiya kuphatikiza pamene pamukomera, ndipo masiku osagwirizana naye amawaponya kudzala. Njirayi ili ndi mayankho 9 okha, kuyambira 1 mpaka 9, choncho pa masiku 9 aliwonse otsatizana m'mwezi, limodzi limapereka 7. M'kalasi ya ana 90 yembekezerani "osankhika" pafupifupi 10. Komanso tsiku lomwelo mukalilemba pa kalendala ya Chisilamu manambala ake amasintha onse, pamene mwanayo ndi yemweyo.

Sindikunena kuti mnzanga wa usipa asiye arubaini, kapena kuti Akatolika asiye Lenti. Amenewo sakulosera kanthu ndi nambala. Akudzipatsa nthawi yolira ndi yolapa yomwe ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo aliyense amene anaferedwapo akudziwa ubwino wa tsiku lomwe abale amasonkhananso kuti maliro athe.

Lolemba ndinabwerera kwa mtsikana wa funso uja, ndipo kalasi yonse inaphatikiza masiku awo obadwa pabolodi. A 7 anapezeka angapo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mnyamata yemwe sanabweretsebe ntchito ya masamu ya teremu yatha. Za wa mbuzi uja, anthu a m'mudzi mwake akuti anayamba kalekale, la fote lake linachedwa ndi zaka zingapo.