Zoti woyamba kufika ndiye woyamba kupakira zitithere

Abale ndi alongo a ku Kwekwe, Redcliff ndi Gweru, tikambepo mosapsatira. Mwambo wopakira katundu potsatira amene wafika msanga ukutidyera ndalama. Timati ndi chilungamo, koma chilungamo chanji chotilipiritsa lole yachitatu kuchoka kuno, kudzera pa Nyamapanda ndi Tete, mpaka pa Mwanza?

Mwezi watha tinali anthu asanu, wina simenti, wina zitsulo. Katundu wa munthu mmodzi sitimugawa chifukwa mapepala ake a pa boda ndi amodzi. Lole iliyonse imanyamula matani 30, ndipo katundu anafika motere: matani 6, 9, 12, 18 ndi 15. Yoyamba inatenga 6, 9 ndi 12, n'kukwana 27. Wa 18 analowa yachiwiri. Wa 15 anasowa malo konse kuwiri, tinaitanitsa yachitatu. Chonsecho katundu yense ndi matani 60, wokwana malole awiri.

Njira yabwino nayi. Lembani katundu yense kuyambira wolemera kwambiri kutsika: 18, 15, 12, 9, 6. Aliyense muyeseni mu lole yoyamba, akakanika yachiwiri, ndipo yatsopano muitsegule pokhapokha wakanika monse. Ndiye 18 alowe yoyamba. 15 sakwanamo, apite yachiwiri. 12 abwerere yoyamba, yadzaza. 9 ndi 6 adzazitse yachiwiri. Malole awiri basi! Chinsinsi chake n'chakuti katundu wamng'ono amatseka mipata, pomwe wamkulu akatsalira amafuna lole yakeyake. Ofuna kufufuza alembe `first-fit decreasing`.

Ena muti, “Nanga amene anadzuka m'bandakucha?” Achimwene, zonsezi zimachitika papepala malole asanabwere, ndipo tonse tinyamuka tsiku limodzi. Mwataya chiyani?

Sitikunena kuti njirayi siphonya. Yesani 12, 12, 9, 9, 9, 9. Yoyamba ithera pa 24, yachiwiri pa 27, 9 mmodzi n'kutsala. Koma mukaika 12, 9, 9 mu lole iliyonse, awiri akwana. N'chifukwa chake muziyamba mwagawa matani onse ndi 30. Malole akaposa yankho lanu, komanso yomaliza ili ndi kakatundu kamodzi, sinthanitsani katundu musanaimbire dalaivala wina. Kuphonya kwake kulinso ndi malire. Katswiri wa masamu György Dósa anatsimikiza mu 2007 kuti pofunika malole 9, njirayi sipitirira 11.

Chenjezo lina: apa tawerenga kulemera kokha. Matilesi ndi ndowa amadzaza lole matani asanakwane. Ndipo sikelo ya pamsewu imayeza ekiselo iliyonse, choncho kalembedwe ka papepala si kayalidwe ka m'lole. Zitsulo zisaunjikane kutsogolo chifukwa zinali zoyamba pamndandanda.

Ulendo uno, aliyense atumize matani ake kwa mlembi pofika Lachitatu madzulo. Wochedwa adzalipira yekha lole yachitatuyo.